Malo Apambane

Ntchito yanga ndi yonamiza maso, ndipo kwa zaka zambiri sindinkachita nayo manyazi. Mwini situdiyo ndi alamu anga, mkulu wawo wa malemu amuna anga. Iwo amajambula kutsogolo, ine ndimakhala kuseri kwa katani ndi kompyuta, n'kumaika anthu kumene sanapondeko. Wina amafuna aime pafupi ndi ndege, wina pamlatho wakunja, wina amafuna agogo ake omwe anatisiya kalekale akhale nawo paukwati wa chaka chatha. Pamsewu wathu amanditcha Mayi Mbewa chifukwa dzanja langa silichoka pa kambewa ka kompyuta. Anayambitsa dzinali ndi alamu omwewo, ndipo sindinawakhululukirebe.

Mmene ntchitoyi imayendera si zovuta kumva. Pulogalamu imalandira zithunzi ziwiri, cha munthu ndi cha malo. Pakati pake pali kamzere kokhala ndi kabatani kokoka, kuyambira 0 mpaka 100. Kabatani kakakhala pansi, munthu amatsala momwe analili, nkhope yake, zovala zake, ngakhale kuwala kwa m'chipinda chimene anajambulidwiramo, koma amaoneka womata ngati sitampa. Ukamakakweza, malo amayamba kumulamulira: dzuwa lakumaloko limamugwera, khungu limatenga mtundu wa kuwala kwakeko, mthunzi umamera pansi pa mapazi. Ukapyola muyezo nkhope imasungunuka mpaka kukhala ya munthu wina amene sanabadwepo. N'chifukwa chake pali burashi yotchingira. Umapaka pankhope kuti pulogalamu isakhudzepo, kenako n'kukweza malo mmene ungafunire.

Kasitomala aliyense ndimamufunsa funso limodzi ndisanagwire kanthu: apambane ndani, munthu kapena malo? Onse amayankha kuti munthu. Palibe amavala suti n'kukwera basi kudzaonetsa udzu.

Lachiwiri lina m'mawa kunalowa bambo wina wa malaya osita bwino ndi nsapato zoti ungadzione. Anapatsa moni alamu ndi manja awiri, anapepesa chifukwa cha fumbi limene sanalowe nalo, anapepesanso pokhala pampando. Alamu anasuzumira kuseri kwa katani n'kundinong'oneza kuti, "Mlamu, kwabwera Aulemu. Khala bwino, usawalume." Dzina lake lenileni sindinalisunge, kwa ine anangokhala Aulemu.

"Mayi, nkhani yanga ndi yaing'ono," anatero atakhala pambali panga. "Mkazi wanga anapeza ntchito kuhotela ina kutali, miyezi iwiri yapitayo. Foni yake inagwera m'madzi, ndiye timangolankhulana pa ya mnzake mwa apo ndi apo. Koma apongozi anga, eee, mukuwadziwa azimayi achikulire. Sagona. Afika mpaka kupolisi kukanena kuti mwana wawo wasowa." Anaseka pang'ono, akuphimba pakamwa. "Ndimafuna kachithunzi koti mtima wawo ukhale pansi. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi."

Netiweki inali itatithawa tsiku limenelo, choncho ndinalumikiza foni yake ndi chingwe n'kukopera zithunzi ziwirizo. Choyamba chinali cha hotela yoyera ya nsanjika zitatu, kapinga wometa bwino, maluwa ofiira m'mbali mwa kanjira, mapiri kumbuyo. Chinali chotola pa intaneti, ndinadziwa pongochiona. Chachiwiri chinali cha mkazi wazaka ngati makumi atatu, ataima chotsamira khoma losapaka penti, wopanda nsapato, manja ali kumbuyo. Kuwala kunkachokera pawindo lina kumanzere, ndipo mithunzi ya zitsulo za pawindopo inamudula mizere itatu kuyambira pamphumi mpaka pachifuwa. Diso limodzi linali lotupa, lotseguka theka. Sankayang'ana kamera, ankayang'ana munthu amene anagwira kamerayo.

"Diso ili?" ndinafunsa.

"Dzino, mayi. Linamuzunza kwambiri asananyamuke. N'chokhacho chimene ndili nacho chooneka thupi lonse."

Mwamuna amene wakhala ndi mkazi zaka, chithunzi chimodzi chokha. Ndinazimva zimenezo, zinandidutsa m'khutu, ndipo ndinazisiya zipite. Mutu wanga unali kale pa vuto lina, limene linkandikoma. Pahotela paja dzuwa linkachokera kumanja, pamene mkaziyu kuwala kunkamugwera kumanzere. Nthawi zambiri zikatero ndimatembenuza malo, chifukwa phiri silidandaula. Koma pakhomo pa hotelayo panali chikwangwani cha zilembo, ndipo zilembo zikatembenuka ngakhale mwana amadziwa. Ndiye ndinatembenuza mkaziyo, kumanzere kwake kukhala kumanja. Ndinamudula pakhoma paja, ndinamuimika pakanjira, ndinamuchepetsa kuti msinkhu wake ugwirizane ndi chitseko cha hotela. Kenako ndinafunsa funso langa lija.

"Malo," anayankha osaganizira n'komwe. "Malo apambane."

Ndinatenga burashi yotchingira mwachizolowezi n'kuyamba kupaka pankhope. Anandigwira mkono, osati mwamphamvu, zala ziwiri zokha.

"Chimenecho n'chachiyani, mayi?"

"Kuti nkhope isasinthe."

"Ayi, chonde, musatchinge. Ilekeni nayonso ilandire dzuwa."

Ndinafufuta zimene ndinapaka. Ndinakweza kabatani kufika pa 40, ndipo mizere itatu ija inazilala. Pa 55 inatheratu, khungu linawala, mapazi anapeza mthunzi wawo pakanjira. Aulemu anasendeza mpando mpaka ndinamva fungo la sopo wake.

"Onjezani."

Pa 65 pulogalamu inamuveka nsapato zoyera, poti sinazolowere kuona munthu wosavala nsapato pamalo otere. Pa 70 diso linatseguka, kutupa konse kunapita.

"Pang'ononso, mayi."

Pa 75 milomo inakwera m'mbali. Pulogalamuyi inaphunzira pa zithunzi zambirimbiri, ndipo anthu oima pakapinga wa mahotela amakhala akumwetulira, ndiye ukaipatsa mpata imakokera nkhope komweko. Ndinayesa 90 kuti aone. Panatuluka mkazi wokongola wa mphuno ina, masaya ena, wosadziwika kwa aliyense.

"Ameneyo apongozi amukana," anatero. "Bwererani paja anasekerera."

Tinasiya pa 75. Ndinakonza m'mbali mwa tsitsi, ndinathira timadontho ta kamera kuti mbali zonse zioneke zojambulidwa ndi foni imodzi. Kunena zoona chinatuluka bwino kwambiri, ndipo ndinanyada. Anapempha kuti ndifufute chithunzi cha mkazi wake chapakhoma chija iye akuona. Ndinafufuta pafoda ya makasitomala, anathokoza katatu, anasiya nambala yake kuti mwina adzafunanso china, n'kutuluka. Sankadziwa kuti pulogalamu imasunga kope lake la chilichonse chimene yapatsidwa, mkati mwa fayilo ya ntchitoyo. Inenso sindinaone chifukwa chomuuzira.

Alamu anali ataona zonse ali chiimire pakatani, akupukuta galasi la kamera.

"Mlamu, ine mano anandiwawapo. Dzino limatupitsa tsaya."

"Ndiye mwasanduka dokotala liti?"

"Ndikungonena."

"Inu jambulani anthu anu a ziphaso. Za m'nyumba za eni si zathu."

Anakweza mapewa n'kubwerera kutsogolo. Ndinawakalipira chifukwa ananena zimene ndinali nditaziona kale, ndipo palibe chimandipsetsa mtima ngati chimenecho. Masiku otsatira ndinaika mwana wasukulu pafupi ndi mkango, ndinachotsa mkazi woyamba pachithunzi cha banja lina, ntchito zathu za masiku onse. Koma kawiri kapena katatu ndinapeza kambewa kataima pa fayilo ija, ine osaitsegula.

Patapita masiku asanu ndi anayi, Lachinayi chakumasana, kunabwera mayi wachikulire wamfupi, wonyamula chikwama chachikulu chokhala ndi zipi yakufa. Anatulutsa foni yokulunga m'kampango.

"Mwanangu, akuti kuno mumatulutsa zithunzi za m'foni. Ndikufuna chachikulu, cha mufelemu, choti ndipachike pabalaza."

Ndinalumikiza foniyo ndi chingwe. Pasikirini panatuluka kapinga wometa bwino, maluwa ofiira, ndi mkazi wa nsapato zoyera akumwetulira.

"Ndi mwana wanga wachisamba ameneyo," anatero mayi aja, nkhope ili ngwee. "Wandivutitsa mtima mwana ameneyu! Miyezi iwiri osamva mawu ake. Ndinachita kupita kupolisi, ine, munthu woopa yunifolomu. Apolisiwo anali atanena kuti Lachinayi lapitali apita akaone kunyumba kwa mwamuna wake. Ndiye Lachiwiri madzulo mkamwini wanga ananditumizira ichi. M'mawa mwake ndinalawirira kukawauza kuti basi, musavutike, mwana ali bwino. Anandiseka, koma ndinati sekani, bola mwana wanga wanenepa."

Anasendera pafupi ndi sikirini, akutsinzinira diso limodzi.

"Chimodzi chokha chikundidabwitsa. Kadontho kakuda aka kapachibwano, anabadwa nako kumanzere. Apa kali kumanja. Mdzukulu wanga akuti mafoni amatero munthu akadzijambula yekha. Koma adzijambula bwanji yekha manja ali kumbuyo? Kaya, zinthu za masiku ano."

Ndikanatha kusindikiza. Pepala linalimo, felemu inalipo, mayi akanatuluka akuvina.

"Alamu," ndinaitana, "tabwerani. Tsekani chitseko cha kutsogolo."

Ndinawapatsa mayi aja mpando umene anakhalapo Aulemu. Ndinawauza kuti chithunzicho ndinapanga ndine, pakompyuta yomweyi, ndipo mwana wawo sanaimepo pakapinga ameneyo. Sanamve msanga. Anaseka kaye, poganiza kuti ndi nthabwala za achinyamata, ngakhale ine unyamata unandithawa kale. Ndiye ndinatsegula fayilo ija, ndinagwira kabatani pa 75, n'kuyamba kukatsitsa.

Kumwetulira kunachoka. Pa 60 diso linatupa, nsapato zinasowa. Pa 30 mizere ya zitsulo inabwerera pankhope. Mayi aja anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako ndinatsegula chithunzi choyambacho chili chathunthu, chosatembenuza, ndi khoma lake. Kadontho kanabwerera kumanzere.

Chifukwa chinabwera pachingwe, osati pa uthenga, chithunzicho chinali chikadali ndi tsiku limene chinajambulidwa. Ndinali ndisanaliyang'anepo. Alamu anawerenga mokweza ali kumbuyo kwanga. Linali Lolemba, tsiku limodzi Aulemu asanabwere kuno.

"Si miyezi iwiri imeneyo," anatero alamu.

Mayi aja sankamvera. Chala chawo chinali pasikirini, pakona ya chithunzi, pamene panaoneka mbali ya shelefu ndi chitini cha penti yobiriwira.

"Penti iyi ndinawagulira ndine, kuti apake zitseko. Ichi ndi chipinda cha kuseri, chosungiramo katundu." Mawu awo anatsika mpaka kukhala ngati akulankhula okha. "Lamulungu ndinali komweko. Ndinapita kukathokoza mkamwini chifukwa cha chithunzi. Anandiphikira tiyi. Ndinafuna kupita kuseri kukasamba m'manja, anati kuli galu wolusa, anabweretsa madzi m'beseni."

Sanalire. Anaimirira, chikwama chinagwa, anachisiya pomwepo. Alamu anachitola n'kuwagwira paphewa.

"Mayi, mukapita nokha mkamwini wanuyo akakutsekerani pakhomo, ndipo usiku wake adzamusamutsa. Tipite kupolisi ndi chithunzi ichi. Njinga yamoto ili panja."

"Ali kunyumba nthawi ino," anatero mayi. "Shopu yake ili kumaso kwa nyumba. Akangoona yunifolomu pamsewu, kaya achita chiyani kuseriko asanatsegule geti."

Apa ndi pomwe ndinalankhula, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kulimba mtima kapena manyazi chabe.

"Ndimuitana abwere kuno. Ndili ndi chomuitanira."

Ndinasindikiza chithunzi chenichenicho pamodzi ndi tsiku lake, ndinapatsa alamu. Kenako ndinaimbira Aulemu. Anayankha mwaulemu wake womwe uja.

"Bambo, pepani, ndapeza cholakwika pa ntchito ija. Ndinawatembenuza akazi anu chifukwa cha dzuwa, ndiye kadontho kapachibwano kapita mbali ina. Mlendo sangaone, koma mayi wobereka akachiyang'anitsitsa adzaona. Mutabwera ndikanakonza, muwatumizire china."



"Ndikubwera, mayi. Zikomo kwambiri pondiganizira."

Alamu sanafune kundisiya ndekha. Ndinawauza kuti akapitiriza kuima pamenepo ngati chipilala afika atatha zonse. Potuluka anakalankhula ndi atelala a khomo loyandikana nalo, mayi wamkulu thupi amene mawu ake amamveka mpaka kumsika, kuti azitchera khutu. Njinga inalira, inapita.

Aulemu anafika isanathe theka la ola. Malaya anali ositabe, koma nsapato zinali ndi fumbi, ndipo sanapepese. Anakhala pampando uja, pakati pa ine ndi katani.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zimatengera. Taonani vuto lake."

Sindinafunike kunama, chifukwa vutolo linali lenileni. Nditamubweza mkaziyo kuti kadontho kakhale kwawo, kuwala kwa pankhope pake kunayamba kutsutsana ndi dzuwa la pahotela. Maluwa mithunzi yawo inkagwera uku, iye mthunzi wa mphuno unkagwera uko. Kuti zigwirizane, malo anayenera kupambana kuposa kale. Ndinakweza pa 80, kuwala kunakhala bwino, koma kadontho kanafufutika. Ndinatsitsa pa 70, kadontho kanabwerera, pamodzi ndi mdima wina pansi pa diso. Nthawi iliyonse pulogalamu inkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo inkatulutsa nkhope yosiyanako pang'ono. Njira yachidule ndinkaidziwa: kutchinga chibwano chokha ndi burashi n'kusiya zina zonse. Ntchito ya mphindi zisanu. Sindinaitchule.

Tinayesa kachisanu, kachisanu ndi chimodzi. Iye ankayang'ana mkazi wake akubwera ndi kupita pasikirini, osaphethira.

"Mayi," anatero mofatsa, "chithunzi choyamba chija munafufuta ine ndikuona."

"Eya."

"Nanga mukumutembenuza kuchokera pati?"

Ndinamuuza kuti pulogalamu imasunga kachidutswa kodulidwa kokha, munthu wopanda khoma. Linali bodza, ndipo ndinalinena ndikuyang'ana kiyibodi.

"Chabwino." Anatembenukira kwa ine. "Ndipo kadonthoka munakaona bwanji? Patha sabata ndi masiku. Munthu wotanganidwa ngati inu, kubwerera ku ntchito yakale kukayang'ana chibwano cha mkazi wa eni."

"Ndimakonda kubwereza ntchito zanga."

"Ndi khalidwe labwino limenelo."

Kunja mashini a atelala ankalira, kuima, kuliranso. Ndinayang'ana nthawi pakona ya sikirini. Panali patatha ola limodzi ndi mphindi khumi chichokereni alamu. Kupolisi sathamanga, aliyense amadziwa, pamafunika kulemba, kudikira wamkulu, kupeza galimoto. Ndinakweza pa 78 n'kudina.

Aulemu anatulutsa foni yake.

"Mwina tikuvutika pachabe. Ndingowaimbira apongozi, ndimve ngati aonapo kanthu."

Ndinakumbukira mochedwa ndi sekondi imodzi. Pansi pa maenvulopu a zithunzi za ziphaso, pafupi ndi chigongono changa, panayamba kulira nyimbo yakwaya. Foni ya mayi aja inali ikadali pachingwe, kampango kake kali pambali.

Anaisiya ilire. Anasuntha maenvulopu ndi chala chimodzi, anayang'ana dzina lake likuwala pafoni ya apongozi ake, kenako anayang'ana ine. Nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa koposa. Ndinaganiza za mkazi uja atatsamira khoma, akuyang'ana nkhope yomweyi.

"Apita nthawi yanji?" anafunsa.

Anaimirira, anakankhira mpando pansi pa tebulo bwinobwino monga anaupezera, ndipo anaika dzanja lake pa dzanja langa limene linali pa kambewa. Linali lozizira, louma. Anapanikiza mpaka pulasitiki inalira.

"Mayi Mbewa!" Anali atelala, atasegula katani ndi sizasi yawo yaikulu m'manja, tepi ili m'khosi. "Mwati mundibwereke chaja, kapena ndidikire mpaka ndikalambe? Aa, pepani bambo, sindinadziwe kuti kuli alendo."

Sanachoke pakatanipo. Kumbuyo kwawo kunali makasitomala awo awiri, wina diresi lili ndi mapini. Aulemu anachotsa dzanja.

"Zikomo, mayi, chifukwa cha ntchito yabwino," anatero kwa ine. Anapempha njira kwa atelala, anawerama pang'ono podutsa, n'kutuluka. Pawindo ndinamuona akuyenda osathamanga mpaka pakona.

Ndinaimbira alamu.

"Wadziwa. Watuluka. Muli pati?"

"Tili kuseri kwa nyumba," anatero alamu, akupuma mwamphamvu. Kumbuyo kwawo kunkamveka chitsulo chikumenya chitsulo. "Kulibe galu, mlamu. Pali maloko awiri. Tagogoda, taitana, sakuyankha."

"Mayi ake aitane."

"Akuitana kuyambira tafika."

Ndinakhala ndi foni kukhutu, ndikumva nyundo, ndikumva mayi aja akubwereza dzina limodzimodzi mpaka mawu anasasa. Kenako chitseko chinalira, anthu analankhula onse pamodzi, ndipo foni inaduka. Atelala anandipatsa madzi. Patapita mphindi zinayi alamu anaimbanso.

"Ali moyo," anatero, ndipo bambo wamkulu uja analira ngati mwana. "Anali maso, mlamu. Anali atakhala pakona, akutimva nthawi yonseyi."

Aulemu sanafike kunyumba kwake tsiku limenelo, ndipo mpaka pano sanapezeke. Apolisi anatenga kope la fayilo ija, anandifunsa mafunso masana onse. Alamu anaika belu pachitseko cha situdiyo, ndipo likalira ndimayang'ana nsapato kaye ndisanayang'ane nkhope.

Patatha milungu isanu mayi aja anabwera ndi mwana wawo. Ankafuna chithunzi cha chiphaso, poti zikalata zake zonse mwamuna uja anawotcha. Anali wowonda kuposa pachithunzi chija, diso litapola, tsitsi atameta. Alamu anamukhazika pa situlu, anamujambula, osanena nthabwala ngakhale imodzi, chinthu chimene sindinachionepo. Pamene chithunzi chinkatuluka, mkaziyo anasegula katani n'kuima pafupi ndi tebulo langa.

"Ndinu amene munandiika pamaluwa paja?"

"Ndine," ndinatero. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa m'milungu isanu imeneyo, koma onse anathawa.

"Ndimafuna ndikuoneni basi." Sanali wokwiya, ankalankhula ngati munthu wofotokoza njira. "Masiku oyamba ndinkamenya chitseko, achemwali. Ndinkamenya ndi chitini mpaka manja kutupa, m'mawa ndi masana, mwamuna uja akangopita kushopu. Ndinkadziwa kuti amayi sangakhale pansi, akundifuna ndithu, tsiku lina wina adzamva. Ndiye tsiku lina anabwera ndi foni, anandionetsa pawindo. Anati taona kumene uli, amayi ako achiona, akauza apolisi kuti asiye."

Anayang'ana sikirini yanga, pamene panali mwana wina ataima pafupi ndi ndege.

"Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, ndikufuna polakwika, poti amayi angadziwire kuti si zoona. Sindinapapeze. Munachipanga bwino kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo sindinamenyenso chitseko."

Amayi ake anamuitana kutsogolo kuti adzaone ngati chithunzi chili bwino, ndipo anapita.